Mbiri ya Kagawidwe ka 9:3:3:1: Kuchokera ku Nsawawa za Mendel Kufika m'Chipinda cha Mayeso

Kukwatitsa zomera kapena nyama ziwiri n'kumalondola zizindikiro ziwiri nthawi imodzi, monga maonekedwe a njere ndi mtundu wake, kumatchedwa daihaibiridi m'maphunziro a bayoloje. Funso la mayeso lokhudza nkhaniyi limapereka makolo awiri, kenako limafunsa kuti ana awo adzagawika motani: angati mwa angati adzakhala otere, ndipo angati adzakhala akutiakuti. Yankho lotchuka ndi 9:3:3:1, ndipo ophunzira ambiri amaliloweza ngati nambala ya foni. Komatu manambala anayiwa amakhala oona pokhapokha zinthu zingapo zitakwanira, ndipo chilichonse mwa zinthuzo chinadziwika pa nthawi yakeyake, kwa anthu amene ankawerenga njere, maluwa ndi anapiye m'zaka pafupifupi 60.

Munda wa ku Brno

Gregor Mendel anabadwa mu 1822 m'banja la alimi ku Silesia, dera lomwe panthawiyo linali mu ufumu wa Austria. Mu 1843 analowa m'nyumba ya ansembe a chipani cha Augustino Woyera mumzinda wa Brno, womwe lero uli m'dziko la Czech. Akuluakulu ake anamutumiza ku yunivesite ya Vienna kuyambira 1851 mpaka 1853, ndipo kumeneko anaphunzira fizikisi kwa Christian Doppler komanso za zomera kwa Franz Unger. Maphunziro a fizikisiwo ndiwo anamusiyanitsa ndi okwatitsa zomera amene anakhalako iye asanabwere. Iwo ankaona kuti zidzukulu za zomera zosakaniza zimabwerera ku maonekedwe a agogo, ndipo ankalemba zimenezo m'mawu. Mendel ankawerenga chimodzichimodzi n'kulemba manambala.

Anasankha nsawawa pa zifukwa zomveka. Duwa la nsawawa limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke, choncho mbewu imasunga chikhalidwe chake mibadwo yambiri popanda kusokonezedwa ndi mungu wochokera kwina. Wofuna kukwatitsa mitundu iwiri amatsegula duwa likadali lanthete, amachotsa timbali tachimuna tisanakhwime, kenako amaika mungu wa chomera chimene wasankha. Mendel anatenga mitundu 34 ya nsawawa kwa ogulitsa mbewu, anaiyesa zaka ziwiri kuti aone ngati ikubereka ana ofanana nayo, ndipo anasungapo 22. Ntchito yokwatitsa inatenga kuyambira 1856 mpaka 1863.

Anayamba ndi chizindikiro chimodzi pa nthawi. Atakwatitsa nsawawa za njere zosalala ndi za njere zamakwinya, ana onse a m'badwo woyamba anali osalala. Anawo atadzipatsa okha mungu, m'badwo wachiwiri unatulutsa njere zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Pa mtundu wa njere zinachitikanso chimodzimodzi: zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Konsekonse kagawidwe kanali pafupi kwambiri ndi 3:1. Chizindikiro chimene chinkaonekera m'badwo woyamba anachitcha cholamulira, chomwe m'kalasi chimamveka kuti dominanti, ndipo chimene chinkabisala n'kudzatulukiranso anachitcha chobisala, kapena risesivi.

Njere 556

Funso lotsatira linali lakuti: kodi zizindikiro ziwiri zikalowa m'banja limodzi, zimayenda pamodzi monga zinabwerera, kapena zimasiyana njira? Mendel anakwatitsa nsawawa za njere zosalala zachikasu ndi za njere zamakwinya zobiriwira. M'badwo woyamba, umene masiku ano umalembedwa F1, unali wosalala wachikasu wonse. Anabzala njerezo, ndipo zomera 15 zinabereka njere 556 za m'badwo wa F2. Mwa izo, 315 zinali zosalala zachikasu, 108 zosalala zobiriwira, 101 zamakwinya zachikasu, ndipo 32 zamakwinya zobiriwira.

Magulu awiri apakatiwo ndiwo anali nkhani. Palibe kholo limene linali losalala lobiriwira, ndipo palibe limene linali lamakwinya lachikasu. Kusalala kunalowa m'banjamo limodzi ndi chikasu, koma pa njere 108 kunatuluka limodzi ndi kubiriwira. Zizindikirozo zinali zitamasukirana.

Zizindikiro ziwirizi zinamuthandiza m'njira inanso. Kusalala ndi mtundu wa njere ya nsawawa zimachokera kwa kamwana kamene kali m'njeremo, osati kwa chomera chimene chaibereka. Motero m'badwo wa F2 umaonekera kale m'makoko a chomera cha F1, ndipo khoko limodzi likhoza kukhala ndi njere za magulu osiyana. Pa zizindikiro monga kutalika kwa chomera ankayenera kudikira chaka china, abzale, aone.

Manambalawa akawerengedwa chizindikiro chilichonse pachokha, 3:1 uja amabwereranso. Zosalala zonse ndi 315 kuphatikiza 108, zomwe ndi 423, pomwe zamakwinya ndi 133. Zachikasu zonse ndi 416, zobiriwira 140. Ngati magawo atatu mwa anayi a njere ndi osalala, ndipo mwa osalalawo magawo atatu mwa anayi ndi achikasu, ndiye kuti zosalala zachikasu ndi 3/4 × 3/4 = 9/16. Zosalala zobiriwira ndi 3/4 × 1/4 = 3/16, zamakwinya zachikasu 1/4 × 3/4 = 3/16, ndipo zamakwinya zobiriwira 1/4 × 1/4 = 1/16. Apa ndi pamene 9:3:3:1 amachokera: ndi 3:1 wochulukitsidwa ndi 3:1 mnzake. Pa njere 556 munthu angayembekezere pafupifupi 313, 104, 104 ndi 35, ndipo zimene Mendel anapeza sizinapite patali.

Iye sanaime pa maonekedwe. Chaka chotsatira anabzala njere zonsezo kuti aone zimene zinali kubisa. Mwa zosalala zachikasu 315, zomera 301 zinakula n'kubereka. Zomera 38 zinabereka zosalala zachikasu zokhazokha. 65 zinabereka zosalala zokhazokha koma za mitundu yonse iwiri. 60 zinabereka zachikasu zokhazokha koma zina zosalala zina zamakwinya. Ndipo 138 zinabereka magulu onse anayi. Manambalawa ali pafupi ndi 1:2:2:4, omwe akaphatikizidwa amapanga 9 uja. Gulu limene m'maso limaoneka limodzi lili ndi mitundu inayi m'kati. Pa magulu onse anayi pamodzi, mitundu ya m'katiyi ilipo 9, ndipo mfundo ya Mendel inatsamira kwambiri pa mitundu imeneyi kuposa pa magulu anayi ooneka. Patapita zaka zambiri Wilhelm Johannsen wa ku Denmark anapereka mayina a zinthu ziwirizi: jenotaipi, kutanthauza zimene chamoyo chanyamula, ndi finotaipi, kutanthauza zimene chikuonetsa. Ndi yemweyonso amene anabweretsa dzina lakuti jini mu 1909. Wophunzira amene wafunsidwa kagawidwe ka jenotaipi n'kulemba 9:3:3:1 wayankha funso lina.

Mendel anafotokoza zonsezi ponena kuti chomera cha F1 chimapanga mitundu inayi ya mungu ndi mitundu inayi ya mazira, iliyonse yochuluka mofanana ndi inzake. Mfundoyi anaiyesa asanaikhulupirire. Anatenga zomera za F1 n'kuzipatsa mungu wa nsawawa zamakwinya zobiriwira, zomwe sizingaphimbe chizindikiro chilichonse, ndipo analosera kuti magulu anayi adzatuluka mofanana. Anapeza zosalala zachikasu 31, zosalala zobiriwira 26, zamakwinya zachikasu 27 ndi zamakwinya zobiriwira 26. Kumeneku ndiko kukwatitsa koyesera, kwa kagawidwe ka 1:1:1:1, kumene sikusowa m'mafunso a mayeso mpaka lero.

Anawerenga zotsatira zake pa misonkhano iwiri ya bungwe la akatswiri a zachilengedwe ku Brno, pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865, ndipo zinasindikizidwa mu 1866. Akatswiri a nthawiyo sanazigwiritse ntchito. Mendel anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya ansembeyo mu 1868, ntchito za ofesi zinamuchulukira, ndipo anamwalira mu 1884. Mu 1900 Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak anasindikiza zotsatira zofanana ndi zake, ndipo dzina lake linayamba kumveka.

Chifukwa chake chinapezeka m'selo

Mendel sankadziwa chimene chimanyamula zizindikiro. Mu 1902 ndi 1903 Walter Sutton wa ku America, amene ankafufuza maselo a ziwala, anaona kuti makolomozomu amakhala awiriawiri, mmodzi wochokera kwa mayi wina kwa bambo, ndipo amasiyana popanga maselo oberekera, otchedwa magameti. Theodor Boveri wa ku Germany anafika pa ganizo lofanana kudzera m'njira ina. Pa kugawika kwa selo kotchedwa meyosisi, mapeya a makolomozomu amandanda pakati pa selo, ndipo mbali imene peya imodzi yayang'ana siilamula mbali imene peya ina iyang'ane. Eleanor Carothers anaonetsa zimenezi ndi maikulosikopu mu 1913, nayenso pa ziwala.

Tanthauzo lake pa nsawawa ndi ili. Jini la maonekedwe a njere lili ndi mitundu iwiri, yotchedwa maaleli: R wa kusalala ndi r wa makwinya. Jini la mtundu lili ndi Y wa chikasu ndi y wa kubiriwira. Majini awiriwa ali pa makolomozomu osiyana mwa mapeya 7 a nsawawa. Chomera cha RrYy chikamapanga magameti, gameti iliyonse imalandira aleli imodzi ya jini loyamba ndi imodzi ya jini lachiwiri. R akhoza kupita ndi Y kapena ndi y, mwayi wake ndi wofanana, ndipo r chimodzimodzi. Magameti ake ndiye ndi RY, Ry, rY ndi ry, iliyonse gawo limodzi mwa anayi.

Apa ndi pamene mayankho ambiri a mayeso amagwera. Wophunzira amaona RrYy n'kudula pakati, nalemba magameti Rr ndi Yy. Gameti yotere ili ndi maaleli awiri a jini limodzi ndipo ilibe ngakhale imodzi ya jini linalo, zomwe meyosisi yoyenda bwino siichita. Cholakwachi n'chosavuta kuchigwira: mu gameti iliyonse chilembo chilichonse chizioneka kamodzi, ndipo mwa mwana aliyense chizioneka kawiri. Mwana akatuluka RRrr kapena RYyy, vuto lili pa magameti, ndipo zonse zotsatira zalakwika kale.

Bokosi la Punnett

Ku Cambridge, William Bateson ndiye anafalitsa ntchito ya Mendel m'Chingerezi, ndipo ankagwira ntchito ndi Edith Rebecca Saunders komanso Reginald Punnett. Punnett analemba kabuku kotchedwa Mendelism mu 1905, ndipo m'zaka zomwezo iye ndi Bateson anayamba kujambula magameti a kholo limodzi pamwamba, a kholo linalo m'mbali, ndi ana m'zipinda zokumanirana. Chojambulachi chinatenga dzina lake. Pa RrYy × RrYy chimaoneka motere:

```
      RY     Ry     rY     ry
RY   RRYY   RRYy   RrYY   RrYy
Ry   RRYy   RRyy   RrYy   Rryy
rY   RrYY   RrYy   rrYY   rrYy
ry   RrYy   Rryy   rrYy   rryy
```

Chipinda chilichonse mwa 16 chili ndi mwayi wofanana, chifukwa magameti onse ndi ochuluka mofanana ndipo amakumana mwachisawawa. Zipinda zimene zili ndi R mmodzi kapena awiri komanso Y mmodzi kapena awiri zilipo 9. Za R koma yy zilipo zitatu, za rr koma zokhala ndi Y zitatu, ndipo rryy ndi chimodzi, pangodya ya pansi kumanja. RrYy akupezeka kanayi, RRYy ndi RrYY kawirikawiri, RRYY kamodzi, zomwe zikugwirizana ndi 138, 65, 60 ndi 38 za m'munda wa ku Brno. Wolemba magameti mu dongosolo lomweli pamwamba ndi m'mbali amapeza mzere wopingasa wa RrYy kuchokera pamwamba kumanja kutsikira pansi kumanzere, ndipo mzerewo ukasowa amadziwa kuti penapake walemba molakwika.

Bokosili ndi chida chabwino chophunzitsira, ndipo oyesa ambiri amapereka malikisi pa sitepe iliyonse: tanthauzo la zilembo, jenotaipi za makolo, magameti, bokosi, kenako kagawidwe kolumikizidwa ndi maonekedwe ake. Kulemba 9:3:3:1 osanena kuti 9 ndi ziti ndipo 1 ndi ziti ndi theka la yankho. Vuto la bokosi n'lakuti limazoloweretsa dzanja kujambula zipinda 16 nthawi zonse, ndipo maso amazolowera kuyembekezera 9:3:3:1 ngakhale pamene makolo sangamutulutse. Kagawidweka kamafuna kuti makolo onse awiri akhale ndi maaleli osiyana pa majini onse awiri. Kholo limodzi likasintha, yankho limasintha.

Chitsanzo: funso likupereka chomera cha RrYy chokwatitsidwa ndi cha Rryy, ndipo likufunsa kagawidwe ka maonekedwe a ana. Njira yachidule ndiyo kupatula majini. Pa maonekedwe a njere makolo ndi Rr × Rr, zomwe zimapereka 3/4 zosalala ndi 1/4 zamakwinya. Pa mtundu makolo ndi Yy × yy, zomwe zimapereka theka lachikasu ndi theka lobiriwira. Pochulukitsa, zosalala zachikasu ndi 3/4 × 1/2 = 3/8, zosalala zobiriwira 3/8, zamakwinya zachikasu 1/4 × 1/2 = 1/8, ndipo zamakwinya zobiriwira 1/8. Kagawidwe ndi 3:3:1:1. Wofuna kutsimikiza ndi bokosi safunikira zipinda 16, chifukwa Rryy ali ndi mitundu iwiri yokha ya magameti, Ry ndi ry. Bokosi la zipinda 8 likukwanira. Funso likaonjeza kuti njere zonse ndi 240 ndipo likufuna zamakwinya zachikasu, yankho ndi 1/8 × 240 = 30. Magawo onse akaphatikizidwa ayenera kukwana 1. Akapanda kukwana, gulu lina laiwalika.

Mafunso ovutirapo amayenda chobwerera: amapereka ana, n'kufunsa makolo. Tiyerekeze kuti funso lanena kuti chomera chosalala chachikasu chinakwatitsidwa ndi chosalala chobiriwira, ndipo panatuluka zosalala zachikasu 61, zosalala zobiriwira 58, zamakwinya zachikasu 20 ndi zamakwinya zobiriwira 21. Manambala anayiwa paokha sanena zambiri, koma akaphatikizidwa jini lililonse palokha amalankhula. Zosalala ndi 119, zamakwinya 41, pafupifupi 3:1, choncho makolo onse awiri ndi Rr. Zachikasu ndi 81, zobiriwira 79, pafupifupi 1:1, choncho kholo limodzi ndi Yy ndipo linalo yy. Kholo lobiriwira silingakhale china koma yy, ndiye makolowo ndi RrYy ndi Rryy. Ngakhale popanda kuwerenga, mwana mmodzi yekha wamakwinya wobiriwira ndi umboni wakuti kholo lililonse linali ndi r komanso y, popeza rryy amalandira theka lake kuchokera mbali iliyonse.

Pamene manambala anakana

Anthu omwe anapanga bokosi ndiwonso anayamba kupeza malire ake. Bateson, Saunders ndi Punnett ankakwatitsa maluwa a Lathyrus odoratus, m'bale wa nsawawa amene amabzalidwa chifukwa cha fungo lake, ndipo cha m'ma 1905 anakumana ndi zodabwitsa. Anakwatitsa a duwa lapepo ndi mungu wautali ndi a duwa lofiira ndi mungu wozungulira. F1 yense anali wapepo wa mungu wautali, monga zinayembekezeka. Koma pa zomera 6,952 za F2 zimene zinawerengedwa pa kukwatitsa kotere, apepo a mungu wautali anali 4,831, apepo a mungu wozungulira 390, ofiira a mungu wautali 393, ndipo ofiira a mungu wozungulira 1,338. Gulu lomaliza linayenera kukhala pafupifupi 435, koma linaposa pamenepo katatu.

Jini lililonse palokha linali kumvera Mendel: apepo 5,221 ndi ofiira 1,731 ndi 3:1 wabwinobwino. Chimene chinasweka ndi kumasukirana. Zizindikiro zimene zinalowa pamodzi kuchokera kwa agogo zinkatulukanso pamodzi kawirikawiri. Bateson ndi Punnett sanapeze chifukwa cholondola. Thomas Hunt Morgan, amene ankafufuza tintchentche ta zipatso ku yunivesite ya Columbia ku New York, anafotokoza mu 1911 kuti majini otere ali pa kolomozomu imodzi, ndipo amasiyana pokhapokha makolomozomu a peya imodzi akasinthana zidutswa pa meyosisi. Majini akayandikana kwambiri, kusinthanako kumagwera pakati pawo mwa apo ndi apo. Akatalikirana kwambiri, kumachitika kawirikawiri moti amaoneka ngati ali pa makolomozomu osiyana. Wophunzira wake Alfred Sturtevant anagwiritsa ntchito mfundoyi kujambula mapu oyamba a majini, omwe anasindikizidwa mu 1913.

Pa mayeso, majini olumikizana amadziwika ndi chizindikiro chomwechi. Magulu anayi alipo, jini lililonse palokha likupereka 3:1 kapena 1:1 monga mwa nthawi zonse, koma magulu awiri ofanana ndi makolo oyamba ndi aakulu kwambiri, ndipo awiri atsopano ndi ang'onoang'ono, ofanana kukula. Zikatero kuchulukitsa magawo sikugwiranso ntchito, chifukwa magameti anayi aja sali ochuluka mofanana, ndipo zipinda za bokosi zilibe mwayi wofanana.

Vuto lachiwiri linali la mtundu wina. Pa nkhuku, Bateson ndi Punnett anakwatitsa mitundu iwiri ya malipombo osiyana, ndipo ana anatuluka ndi lipombo la maonekedwe achitatu amene kholo lililonse linalibe. Mu F2 munatuluka 9:3:3:1, gulu laling'onolo lili ndi lipombo wamba lamanomano. Apa majini awiri ankagwira ntchito pa chiwalo chimodzi. Pa maluwa aja anapezanso kuti mitundu iwiri ya duwa loyera, ikakwatitsidwa, inkabereka ana a duwa lapepo, ndipo F2 ankagawika 9 apepo ndi 7 oyera. Kupanga utoto wa duwalo kumafuna masitepe awiri, jini lililonse ndi sitepe yake. Chomera chimene chili ndi aleli yolamulira pa majini onse awiri chimapanga utoto. Chimene chasowa pa jini limodzi kapena onse chimakhala choyera. Magulu a 3, 3 ndi 1 sangasiyanitsidwe ndi maso, ndiye amaphatikizana kukhala 7. Jini limodzi likamaphimba ntchito ya linzake zimatchedwa episitasisi, ndipo zimabweretsa magawidwe monga 9:3:4, 12:3:1 ndi 15:1. Onsewa amakwana 16, chifukwa bokosi la m'kati silinasinthe, chasintha ndi kasonkhanitsidwe ka zipinda. Funso lopereka magulu awiri kapena atatu okwana 16 likunena za majini awiri, ngakhale litatchula chizindikiro chimodzi chokha.

Zina ziwiri zimasintha 3:1 weniweniyo. Correns anapeza kuti pa duwa la Mirabilis jalapa lofiira ndi loyera zimabereka lapinki, moti F2 ndi 1:2:1. Jini lotere likaphatikizidwa ndi jini la 3:1, magulu amakhala 6, a kagawidwe ka 3:6:3:1:2:1. Lucien Cuénot wa ku France anapeza mu 1905 kuti mbewa zachikasu zikakwerana sizibereka zachikasu zokhazokha, ndipo kenako zinadziwika kuti zimabereka zachikasu ziwiri pa imodzi ya mtundu wina, chifukwa ana olandira aleli yachikasu mbali zonse amafera m'mimba. Njira yopatula majini n'kuchulukitsa imagwirabe pa zonsezi, bola jini lililonse lipatsidwe kagawidwe kake koona.

Kodi kusiyana kungati n'kololedwa?

Kagawidwe ndi mwayi, si lonjezo. Njere 16 zotoledwa mwachisawawa kawirikawiri sizigawika ndendende 9, 3, 3 ndi 1, ndipo mwayi wakuti mwa njere 16 musapezeke yamakwinya yobiriwira ngakhale imodzi umaposa gawo limodzi mwa atatu. Manambala akamachuluka, kagawidwe kamayandikira chiyembekezo. N'chifukwa chake masukulu ambiri amagwiritsa ntchito chitsononkho cha chimanga chokwatitsidwira phunziroli, chokhala ndi maso apepo ndi achikasu, osalala ndi amakwinya: diso lililonse ndi mwana payekha, ndipo chitsononkho chimodzi chimapereka ana mazana angapo. Kugawika komweku kwa F2 ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alangizi amaletsera mlimi kubzala chimanga chimene wakolola ku mbewu ya haibiridi: mbewu ya m'paketi ndi F1 wofanana, koma ana ake amatuluka osiyanasiyana.

Chida choyezera kusiyana chinabwera mu 1900 kuchokera kwa Karl Pearson, ndipo chimatchedwa kayi sikweya. Pa gulu lililonse amachotsa nambala yoyembekezeka pa nambala yopezeka, yankho amalichulukitsa ndi lokha, n'kuligawa ndi nambala yoyembekezeka, kenako amaphatikiza magulu onse:

```
χ² = Σ (O − E)² / E
```

Pa njere 556 za Mendel, zoyembekezeka ndi 312.75, 104.25, 104.25 ndi 34.75. Gulu la 315 limapereka 0.016, la 108 limapereka 0.135, la 101 limapereka 0.101, ndipo la 32 limapereka 0.218. Zonse pamodzi ndi 0.47. Magulu ndi anayi, choncho madigiri a ufulu ndi 3, ndipo malire a pa tebulo pa mlingo wa 0.05 ndi 7.815. Popeza 0.47 ali pansi pa malirewo, kusiyanako n'kumene mwayi wokha ungabweretse, ndipo 9:3:3:1 sakanidwa. Manambala a maluwa a Bateson ndi Punnett akayesedwa motere amapereka yankho loposa 3,000. Cholakwa chofala apa ndicho kuika maperesenti kapena manambala a kagawidwe m'malo mwa ana enieni owerengedwa, zomwe zimachotsa kukula kwa gulu m'masamu pomwe kukulako ndiko kukuyesedwa.

Chida chomwechi chinatembenukira Mendel mwini. Mu 1936 Ronald Fisher anawerengetsa zotsatira zake zonse, nanena kuti zinali zoyandikira chiyembekezo mopitirira mmene mwayi umalolera. Mkangano wa chimene chinachititsa zimenezi unapitirira zaka zambiri, koma ena amene anakwatitsanso nsawawa pambuyo pa 1900 anapeza magawidwe omwewo.

Mendel anayesanso zizindikiro zitatu nthawi imodzi, poonjeza mtundu wa khungu la njere, ndipo anatsatira zomera 639 zogawika m'mitundu 27 ya m'kati. Pa majini atatu magameti amakhala mitundu 8, bokosi limafuna zipinda 64, ndipo maonekedwe amagawika 27:9:9:9:3:3:3:1. Palibe amene angajambule bokosi lotere bwinobwino m'mphindi zochepa za mayeso. Funso lofuna gawo la ana a AaBbCc × AaBbCc amene adzaonetse zolamulira ziwiri zoyamba ndi chobisala chachitatu limayankhidwa ndi mzere umodzi: 3/4 × 3/4 × 1/4 = 9/64. Likafuna jenotaipi yeniyeni, monga AaBBcc, magawo ake amatengedwa ku 1:2:1 wa jini lililonse, ndipo yankho ndi 1/2 × 1/4 × 1/4 = 1/32.